Foni ikadzaza, musayambire pa zithunzi za ana

"Achimwene, foni yanga ikungolemba kuti Storage space running out ndipo kamera ikukana kujambula. Ndayamba kufufuta zithunzi za ana anga koma uthengawo sukuchoka. Ndifufute chiyani choti ndisadzalire nacho?"

Achemwali, imani kaye. Kalata yanu yandikumbutsa chilonda chomwe sichinapole.

Mayi anga sankadziwa kulemba pa foni. Ankangodina kabatani ka mawu pa WhatsApp n'kumayankhula ngati tili limodzi pakhonde: za mvula, za mtengo wa feteleza, za mbuzi yomwe yalowa m'munda mwa eni. Atamwalira, ndinkamvera timawuto usiku tulo tikasowa. Kenako foni yanga ya 32 GB inadzaza. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika, ndipo iye, pofuna kundithandiza msanga, anatsegula File Manager n'kufufuta chikwatu chonse cha Media cha WhatsApp. Malo anapezekadi. Koma m'chikwatu chimenecho mumakhalanso WhatsApp Voice Notes, ndipo nditafika kunyumba, mawu a mayi anali atapita.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mawuwo sanali kudya malo. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi sufika ngakhale 1 MB. Kanema wa mphindi imodzi wojambulidwa ndi kamera ya foni amatha kupitirira 100 MB. Amene anadzadza foni yanga anali makanema a m'magulu: gulu la kumpingo, la anzathu akusukulu, la pamudzi, onse kutumizirana kanema yemweyemweyo wa ukwati wa anthu osawadziwa. Ndipo ndinene mosabisa, khalidwe lotumiza chilichonse ku gulu lililonse ndi loipa. Limatha bandulo ya anthu, limadzadza mafoni a agogo omwe sadziwa kufufuta, kenako agogowo amakapereka foni kwa munthu amene sadziwa kuti chamtengo wapatali m'menemo n'chiti.

Timapulogalamu tolonjeza "kuyeretsa" foni, tija timaonetsa tsache likusesa, sindikhulupiriranso. Tambiri timangochotsa zinyalala zomwe zimabwereranso mawa lake, tokha tikudya malo ndi kukuonetsani malonda. Kufufuta sintchito yopatsira wina, kaya munthu kaya pulogalamu, chifukwa ndi inu nokha amene mukudziwa kuti chithunzi chosawoneka bwino chija ndi chokhacho chomwe muli nacho cha mwana ali wakhanda.

Chithunzi chimodzi chimakhala cha 2 kapena 4 MB basi. Mukafufuta 50 simupeza zoposa 200 MB. Komanso m'mafoni ambiri, zomwe mwafufuta mu Gallery zimayamba zakhala mu Trash kapena Recently deleted kwa masiku 30, zikudyabe malo omwewo. N'chifukwa chake uthengawo sukuchoka. Koma apa pali mwayi: pitani mukayang'ane lero lomwe, mwina zithunzi za ana zikadalimo, ndipo mukadina Restore zibwerera.

Poyambira penipeni

Lowani mu Settings, kenako Storage, muwerenge manambala. Gawo lolembedwa System lisiyeni, ndi mtima wa foni ndipo silifufutika. Onani chachikulu pakati pa Videos, Apps ndi Images. Funso lake ndi limodzi: chinthuchi nditachitaya, ndingachipezenso kwina?

Kenako tsegulani WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage. Mupezamo mndandanda wa Larger than 5 MB ndi Forwarded many times, komanso gulu lililonse ndi malo omwe ladya. Sankhani chimodzichimodzi, musadine Select all pa macheza a abale. Ine gulu limodzi lokha linandibwezera pafupifupi 3 GB. Mukabwerera pa Storage and data, pa Media auto-download, chotsani kachizindikiro pa Videos kuti makanema asamadzilowere okha.

Mu Settings, Apps, sankhani Facebook, TikTok kapena Chrome, mulowe mu Storage. Muona mabatani awiri oyandikana. Clear cache alibe vuto, amachotsa zosungidwa mongoyembekezera. Clear data, amene mafoni ena amalemba Clear storage, amabweza pulogalamu ngati yangoikidwa kumene: akutulutsani mu akaunti, ndipo pa WhatsApp macheza omwe mulibe bakapu yake apita. Ameneyo musamukhudze.

Mu Download ndi m'chikwatu cha Xender mumakhala mafilimu omwe munaonera kale ndi mafayilo othera ndi .apk a mapulogalamu omwe munaika kale. Amenewo fufutani. Chikwatu cha DCIM, momwe muli zojambula zanu, yambani mwachikopera pa memole khadi kapena pa kompyuta, mutsegule zingapo kumeneko muone kuti zikutsegukadi, kenako ndiye muchotse za mu foni. Mukatero khuthulani Trash, koma mutabweza kaye zithunzi za ana zija.