Feteleza wonyowa ndi mtengo wake m'mabuku a shopu

"Ndimalemba mabuku a shopu yogulitsa mbewu ndi feteleza kuno ku Chipata. Denga la nyumba yosungiramo katundu linadontha, ndipo matumba 40 mwa matumba 300 a feteleza anagwirana ngati mwala. Odita akuti nditsitse mtengo wake ufike pa `NRV`, koma eni shopu akukana chifukwa palibe thumba lomwe latayika. Ndilembe bwanji, ndipo phindu likhudzidwa motani?"

Amayi, odita anuwo akunena zoona. Lamulo la IAS 2, lomwe ndi lamulo la padziko lonse la kalembedwe ka katundu wogulitsa m'mabuku, limati katundu wotsala pa kutha kwa chaka alembedwe pa mtengo wotsika mwa mitengo iwiri: umene munamugulira, kapena ndalama imene ingatsale m'manja mukamugulitsa. Ndalama yotsalayi ndiyo `NRV`, ndipo imapezeka pochotsa pa mtengo wogulitsira zonse zimene mudzawononge pomukonza ndi pomufikitsa kwa wogula.

Simunanditumizire mitengo, choncho ndiika yanga yongoyerekezera. Tinene kuti thumba lililonse munagula K900 ndipo kulinyamula kuchokera ku Lusaka kunadya K30, kotero m'buku lili pa K930. Mlimi amene wagogoda thumba ndi chala n'kumva kulimba kwake sangalipire mtengo wonse, mwina angavomere K700. Musanamugulitse, anyamata ayenera kuphwanya zibuma, kusefa ndi kuthira m'masaka atsopano, zomwe zidye K25 pa thumba, ndipo kulipereka kwa wogula kudye K35. Chotsala ndi K640. Kusiyana kwa K930 ndi K640 ndi K290, ndipo pa matumba 40 ndi K11,600.

Eni shopu mwina adzakuuzani kuti matumba 260 abwinowo akuyenda pa K1,050, ndiye phindu lake likwirira chilondacho. Mukaphatikiza zonse pamodzi zimaonekadi choncho, pakuti mulu wonse unagulidwa K279,000 pomwe ungabweretse K289,500 mutachotsa zokonzera ndi zotumizira. Apa m'pamene ambiri amagwa. Kuyerekeza kumachitika pa mtundu uliwonse wa katundu paokha, ndipo thumba lonyowa silifanananso ndi louma. Phindu la matumba abwino silinabwere, lidzalembedwa tsiku limene adzagulitsidwe, pamene kuluza kwa onyowawo kwachitika kale usiku umene mvula inalowa. Abwino akhale pa K930, kutanthauza K241,800, onyowa pa K25,600, ndipo katundu yense pa 31 Disembala ndi K267,400.

Ngati mabuku anu ali pa kompyuta ndipo amatsata katundu tsiku ndi tsiku, lembani motere:

```
Dr  Cost of sales (inventory write-down)   11,600
    Cr  Inventory                          11,600
```

Debiti, yomwe ndi `Dr`, ikukweza ndalama zowonongedwa za chaka chino, pamene kirediti, yomwe ndi `Cr`, ikutsitsa chuma cha shopu. Koma ngati mumangowerenga katundu kamodzi pa kutha kwa chaka n'kuika chiwerengerocho m'mabuku, kulemba K267,400 m'malo mwa K279,000 kwamaliza kale ntchito yonse. Ndinaonapo mabuku a shopu ina momwe mlembi anachita zonse ziwiri, phindu n'kutsika ndi ndalama yowirikiza. Chizindikiro chake n'chakuti chiwerengero cha m'buku chimachepera cha pa pepala lowerengera katundu ndi ndalama yofanana ndendende ndi imene munatsitsa.

Tinene kuti phindu likanakhala K85,000, tsopano ndi K73,400, ngakhale kuti palibe ngwee imene yatuluka m'kabati kapena ku banki. Chaka chamawa, matumba aja akagulitsidwa pa K700, mudzachotsa K640 ya m'buku ndi K60 yokonzera ndi kutumiza, ndipo simudzaona phindu kapena kuluza. Mukakana kutsitsa lero, K11,600 yomweyo idzatulukirabe chaka chamawacho, pamene eni ake adzakhala atatapa kale ndalama podalira phindu lomwe kunalibe. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndiyo imawafewetsa mtima eni mashopu kuposa kuwatchulira malamulo.

Odita adzafuna umboni wa K700 ija, chifukwa mtengo wongoganizira ukhoza kukhala njira yobisira phindu. Umboni wolimba ndi malisiti a matumba onyowa amene mwagulitsa mu Januwale, mabuku asanatsekedwe, popeza amaonetsa mmene katunduyo analili pa 31 Disembala. Sunganinso zithunzi za matumbawo ndi pepala lowerengera losainidwa ndi anthu awiri.

Zikachitika kuti feteleza wasowa mu mzinda, mtengo n'kukwera matumba ena akadali m'nyumba, mukhoza kubweza zimene munatsitsa potembenuza debiti ndi kirediti zija. Malire ake ndi K290 pa thumba, kotero ngakhale wogula atapereka K1,200, thumbalo silingapitirire K930 m'buku.