Kwatsala zingati, ndipo abwere liti?

"Asuweni, kodi pali pulogalamu ya pafoni yolembera anthu olipira pang'onopang'ono? Kope langa landisokoneza mutu."

Eee, msuweni... ndamva. Koma iwe ndimakudziwa, nkhani si foni ayi. Alipo wakuuza kuti "ndinamaliza kale", iwe n'kusowa poloza. Ndanama? Hahaha, usakane.

Ukukumbuka amalume nthawi ya mawailesi ija? Anthu amati sankalemba, koma ayi, kulemba ankalemba ndithu. Kungoti ankangondondomeza mmene ndalama zabwerera. Lolemba uje wapereka mwakuti, m'munsi mwake wina, m'munsi mwake winanso. Ndiye munthu akafunsa kuti kwatsala zingati, iwo magalasi pamphuno, kunyambita chala, kubwerera m'mbuyo miyezi itatu akuwonkhetsa. Tsiku lina anawonkhetsa kawiri... ayi, katatu, azakhali ndi amene amati katatu... mayankho onse osiyana. Wangongoleyo anangoti, "Basi tigwire laling'onolo." Amalume duu. Mpaka lero ukaitchula nkhaniyi amayamba kufunsa za mvula.

Ndimati chiyani kodi? Eya. Munthu aliyense akhale ndi tsamba lakelake. Pamwamba dzina, katundu, mtengo wonse, ndi masiku amene mwapangana. Tsiku lenileni, monga 5 Juni, osati "kumapeto a mwezi", chifukwa mwezi wako ndi wake sutha tsiku limodzi.

Tinene katundu ndi wa 90,000, alipira katatu, 30,000 ulendo uliwonse. Pa 5 Meyi wapereka 30,000, pomwepo ulembe kuti kwatsala 60,000. Pa 5 Juni wabwera ndi 20,000 yokha. Kwatsala 50,000... pepa, 40,000, ona nanenso ndayamba za amalume. Apa m'pamene ambiri amasokonekera. Manambala ndi awiri: ngongole yonse ndi 40,000, koma mkati mwakemo 10,000 tsiku lake ladutsa kale. Uilembe payokha, chifukwa pa 5 Julayi ayenera kubweretsa 40,000, osati 30,000 imene ali nayo m'mutu. Ndipo kupereka zoperewera sikusuntha tsiku. Akatenganso katundu wina asanamalize, mutsegulire tsamba lina, usaphatikize, ndipo akamapereka umufunse kuti ndalamayi ndi ya uti.

Kumapeto kwa kope ulembe masiku a mwezi, 1 mpaka 31, dzina lililonse pa tsiku lake. M'mawa ungoyang'ana kuti lero ndi ndani.

Koma chachikulu n'choti mzere uliwonse uzithera ndi yotsala komanso tsiku lobweranso, ulembe iye akuona, asaine. Wamva? Asanachoke, aone yotsala, aone tsiku, asaine. Foniyo idzangosunga zomwe walowetsamo, ukasiya zimenezi nayonso idzakusokoneza.

Nanga wakuvutayo ndi ndani? Ngati ndi amene ndikumuganizirayo... iii, undiimbire pandekha. Yotsala ndi tsiku, msuweni, asaine!