Avata ikutafuna mawu, milomo yake sikugwirizana ndi zomwe ndajambula

"Abale, ndikufuna kupanga vidiyo yotsatsa malonda, avata izilankhula ndi mawu anga a Chichewa omwe ndajambula pa foni. Koma milomo ikungoyenda payokha. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, musadinenso batani la Generate lopangira vidiyolo mpaka mutamvetsera fayilo ya mawuyo ndi mahedifoni, maso mutatsinzina. Avata, nkhope yomwe kompyuta imailankhulitsa m'vidiyo, siidziwa Chichewa, siidziwanso kuti uyu ndi munthu, uyu ndi tambala. Imangotsatira phokoso lililonse lomwe lili m'fayilomo. Kaya chida chopangira avatacho ndi HeyGen, kaya D-ID, mukalowetsa mawu anuanu pakamwa pamayenda motsatira mawuwo basi.

Ine zinandiwawa ndi bambo wina wa shopu ya mbewu ndi feteleza. Ankafuna vidiyo ya mphindi ziwiri, nkhope ya avata koma mawu ake, akuti makasitomala amawadziwa. Ndinawauza kuti ndibwere ndidzawajambule ndekha. Ayi, ali otanganidwa. Ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, ataima pakhonde la shopu, wailesi ikulira mkati, kabaza wa njinga yamoto akudutsa, ndipo chapakati penipeni tambala wa aneba n'kulira. Bambowo pamenepo anali atapumira kaye kuti ameze malovu. Vidiyo itatuluka, avata yovala jekete yabwinobwino inayasamula kukamwa motsatira tambalayo, kenaka milomo n'kumanjenjemera pang'onopang'ono motsatira nyimbo ya pawailesi, m'malo onse omwe munthu anali chete. Pofika pa "mbewu ya chimanga" milomo siinatsekeke n'komwe, mano ali pamtunda, ngati munthu wolankhula mbatata yotentha ili m'kamwa.

Ndinawaimbira kuti ajambulenso. Akuti "inu si akatswiri, chotsani phokosolo." Ndinalowetsa mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, ndinasankha kachigawo komwe sakulankhula, Noise Reduction, Get Noise Profile, kenaka n'kupaka fayilo yonse. Koma chida chimenechi chimachotsa phokoso losasintha, monga kulira kwa fani kapena kwa firiji. Tambala ndi nyimbo sichingazithe. Ukachikweza kwambiri kuti chizidye, chimadyanso mawu a munthu, s ndi f zimafota, mawu n'kumamveka a m'chitini, ndiye milomo ya avata imasokonekera kuposa poyamba. Ndinachita kudula tambalayo pamanja n'kuikapo chete, malo ndi malo, usiku magetsi atangobwera.

Ndiye tamverani izi. Vidiyo yatheka, makilediti olipirira chidacho apita, ndawatumizira. M'mawa akundiimbira kuti mtengo wa thumba wakwera, ndisinthe nambala yokhayo. Yokhayo! Ndikuwafotokozera kuti milomo inaumbidwa motsatira mawu akalewo, kusintha liwu limodzi ndiye kuti gawo lonselo lipangidwenso, ndipo zida zimenezi zimawerengera kutalika kwa vidiyo yomwe wapanga, ukabwereza umalipiranso. Ndalama zake ndi madola, ndipo nonse muno mukudziwa mmene kulipira ndi khadi kunja kumavutira. Iwo akuti mwana wa mlongo wawo akanapanga ulere pa foni. Anandipatsa theka, n'kuika vidiyo ya mtengo wakaleyo pa sitetasi, anthu atadandaula n'kumawauza kuti wolakwa ndi "mnyamata wa makompyuta". Mpaka lero ndikadutsa pashopupo mtima umachita kuwira.

Ndiye inu chitani chonchi. Jambulirani m'chipinda chogona, chomwe muli matiresi, makatani ndi zovala, osati pabalaza la simenti lopanda kanthu, chifukwa mawu obwerera kuchokera kukhoma amapangitsa milomo kupitiriza kuyenda inu mutasiya kale kulankhula. Ngati denga ndi la malata, dikirani mvula ikate. Foni ikhale masentimita 15 kapena 20 kuchokera pakamwa, koma chapambali pang'ono. Chichewa chathu chili ndi mpweya wambiri pa ph, th ndi kh, ndiye mukalunjika maikolofoni, "phindu" limaphulika n'kuwononga chiyambi cha liwulo. Gwiritsani pulogalamu yojambulira mawu ya mufoni, osati batani la uthenga wa mawu, poti uthenga wa mawu umapanikizidwa kuti ukhale waung'ono. Potumiza ku kompyuta tumizani ngati Document. Fayilo ikakhala ya .m4a kapena .opus ndipo chida chikuikana, isintheni ndi pulogalamu ya ffmpeg pa kompyuta, pa mawu.m4a mulembe dzina la fayilo yanu:

```
ffmpeg -i mawu.m4a -ar 48000 -ac 1 mawu.wav
```

Kusinthaku sikubweza zomwe zinatayika kale, kumangothandiza kuti fayilo ilandiridwe komanso igwirizane ndi 48000 Hz yomwe mavidiyo ambiri amagwiritsa ntchito. Mu Audacity yang'anani mafunde a mawuwo pa sikirini. Nsonga zake zikaoneka zodulidwa mofanana pamwamba, ndiye kuti munakuwa kapena munayandikira kwambiri, jambulaninso, palibe mankhwala. Zikakhala bwino pakani Normalize pa -3 dB. Nyimbo musaike panopa. Avata ipatseni mawu okhaokha, nyimbo mudzaika pomaliza mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo, vidiyo itatuluka kale.

Musanawononge makilediti, yesani masekondi 10 okha ndi chiganizo chodzaza mb, mp ndi bw. Ine ndimagwiritsa ntchito chakuti "Bambo Phiri abwera ndi mbewu ya mpunga m'mawa." Tsegulani vidiyoyo mu CapCut, muziyendetsa chithunzi chimodzichimodzi, muone ngati milomo ikugundana pa b, p ndi m. Ikagundana pa nthawi yake, zina zonse diso la munthu limakhululuka. Ikapanda kutsekeka, vuto ndi mawu osamveka bwino kapena mukuthamanga polankhula, kapenanso chithunzi. Ngati avata mukuipanga kuchokera pa chithunzi, nkhope iyang'ane kutsogolo, pakamwa potseka, osamwetulira mano poyera, dzanja lisakhale pachibwano, kuwala kufike mbali zonse ziwiri. Koma milomo ikamatsekeka bwinobwino, kungoti mochedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, avata ilibe mlandu: mzere wa mawu wasuntha pokonza, ukokereni pang'ono. Ndipo musaweruze mutavala mahedifoni a Bluetooth, amachedwetsa mawu paokha, mudzakonza chinthu chosawonongeka.

Mawuwo aduleni m'magawo a masekondi 20 kapena 30, gawo lililonse lipangidwe palokha, kuti pakalakwika mubwereze kamodziko. Mtengo, tsiku ndi nambala ya foni zisatuluke pakamwa pa avata. Mawu angoti "mtengo ndi uwu mukuuonawu", inu mulembe pa sikirini. Pomwe mwapuma nthawi yaitali fupikitsani pafike theka la sekondi, apo ayi avata imangokuyang'anitsitsani n'kumagwedeza mutu popanda chifukwa. Polumikiza magawo phimbani ndi chithunzi cha katundu wanu, mutu usaoneke ukudumpha. Sankhaninso msanga ngati ndi 9:16 ya sitetasi ndi TikTok kapena 16:9 ya YouTube, chifukwa kudula pambuyo kumadya mapewa ndi chipumi.

Ndipo mawu ojambula munthu wina payekha musalandire, zivute zitani. Chabwino, pokhapokha ngati ndi mwini malonda yemwe anthu amamudziwa mawu, amenewo tengani ngakhale ali ndi kaphokoso, amagulitsa kuposa anu oyera. Kungoti alipiriretu zonse, ndipo avomereze polemba kuti mawu ndi omalizira. Komanso kunena zoona, ngati nkhope yanu simukuibisa, vidiyo ya mphindi imodzi ingoimani pafupi ndi zenera mudzijambule nokha, milomo yanu siichedwa ndipo silipiritsa madola. Ngati mukufunabe avata, ponyani masekondi 10 a fayilo yanuyo muno, osakonza chilichonse, timve chomwe chikulira kumbuyoko.