Malangizo a m'banja: Bambo akuti mwana alibe mutu wa sukulu

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Ngabu. Mwana wathu wachisamba, mtsikana, ali Fomu 1 pa sekondale yoyendera. Teremu yathayi masamu wapeza 22 pa 100. Bambo ake, amene amadula nzimbe ku Nchalo, akuti fizi ikungopita m'madzi chifukwa mwanayu anatengera mutu wa kuchikazi. Ine ndimamutonthoza kuti asadandaule, kwathu masamu sititha, ali ndi mphatso zina. Aphunzitsi akenso amamumvera chisoni, samuloza kuti ayankhe. Pano akuti masamuwo wasiya. M'nyumba mulibe mtendere. Nditani?

Mayi wodandaula, Ngabu

Mayi,

Musakhumudwe ndi zimene ndinene. Inu, bambo akunyumba ndi aphunzitsi mukumuuza mwanayu chinthu chimodzi. Bambo amachinena mokalipa, inu mwachikondi, aphunzitsi mwakachetechete, koma iye akumva zofanana: vuto lili m'mutu mwako, unabadwa nalo, silidzachoka.

Katswiri wina wa ku America, Bernard Weiner, anafufuza zifukwa zimene anthu amapereka akalephera. Anati chifukwa chilichonse tichifunse mafunso atatu. Chili mwa munthuyo kapena kunja? N'chokhalitsa kapena chimasintha? Nanga mwiniwake angachitepo kanthu? Mwana akati "ndine mbuli", ndiye kuti chili mwa iye, sichisintha, ndipo palibe chochita. Woganiza chotere akasiya kuwerenga musati ndi ulesi. Ndani angalime munda umene wauzidwa kuti sumera kanthu?

Chisoni ndi chimene chimandiopsa kwambiri. Sandra Graham, amene anagwira ntchito ndi Weiner, anaonetsa kuti ana amawerenga nkhope ya mphunzitsi. Mphunzitsi akamvera chisoni mwana amene walephera funso losavuta, mwanayo amaganiza kuti ndiye kuti nzeru alibe. Akaonetsa kusakhutira, mwana amamva kuti akanatha. Sindikuti mumukalipire ayi. Ndikuti mawu oti "kwathu masamu sititha" musawatchulenso.

Tsono chitani izi. Itanitsani pepala la mayesolo, osati lipoti lokha, mukhale nalo pansi ndi aphunzitsi. Nambala ya 22 siikuuzani kanthu, zolakwika zake ndi zimene zimalankhula. Tiyerekeze kuti walemba chonchi:

1/2 + 1/3 = 2/5

Mwana wolemba chotere sakuombeza. Waonkhetsa manambala apamwamba paokha, apansi paokha, ndipo mukayang'ana mupeza kuti wachita zomwezo pa mafunso onse a mtundu umenewu. Imeneyo ndi njira yolakwika, ndipo njira imakonzeka. Mumufunse kuti ngati ali ndi theka la thumba la mapira, n'kuonjezerapo ena, zingatheke bwanji kuti akhale ndi ochepera theka? Pajatu 2/5 sikwana theka. Akadabwa, ndiye nthawi yomuonetsa kuti zigawo ziyambe zafanana kukula:

3/6 + 2/6 = 5/6

Mufunsenso kuti phunziro limeneli linamudutsa liti. M'chigwa chathu chino ana ambiri anataya masabata a sukulu mu Malichi 2023, namondwe Freddy atasandutsa makalasi kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Wanuyo nthawi imeneyo anali ku pulaimale. Masamu amamangirirana, chimene chinaphonyeka kumeneko chimadzaonekera ku Fomu 1. Komabe musalole kuti madzi akhale pobisalira. Madziwo afotokoze pamene panagumuka, koma kukonza kwake kuli m'manja mwake.

Aphunzitsiwo muwapemphe mwaulemu kuti ayambenso kumuloza, ndipo pochonga asamangolemba kuti "limbikira". Alembe chenicheni, monga "fananiza manambala apansi usanaonkhetse". Akakhoza, asamuuze kuti ndi wanzeru. Akatswiri ena, Carol Dweck ndi Claudia Mueller, mu 1998 anapeza kuti ana oyamikiridwa nzeru ankathawa mafunso ovuta, ndipo atalephera anafooka kuposa anzawo oyamikiridwa khama. Aphunzitsiwo anene chimene wachita bwino: "wajambula zigawo usanawerengere, n'chifukwa chake wakhoza."

Pali msampha apa. Mwana akamalimbikira usiku uliwonse ndi njira yolakwika yomweyo, inu n'kumangoti limbikira, adzati ndayesetsa koma zakanika, ndiye kuti bambo ankanena zoona. Ndipo kusintha maganizo pakokha sikuchita zozizwitsa: kafukufuku wamkulu wa ku America wa 2019 anapeza kuti magiredi anakwera pang'ono chabe, makamaka kwa ana amene ankatsalira. Popanda womuphunzitsa zigawozo, 22 uja sasuntha.

Za bambo, musalimbane nawo pamaso pa mwana, ndipo nkhani ya kuchikaziyo isiyeni, ingakufikitseni kwa ankhoswe pachabe. Adikireni apume, asambe, adye, kenako muwaonetse pepalalo ndi cholakwika chobwerezabwereza chija. Apempheni teremu imodzi yokha. Mugwirizane kuti mwana azichita mafunso asanu a zigawo tsiku lililonse kusanade, aphunzitsi azichonga Lachisanu, ndipo kope lake bambo aziliona okha akabwera kuchokera ku Nchalo.

Azakhali