Moni wa pamzere: apatsidwe ndani, nthawi iti?

Agogo, ndimakhala ku Chipoka ndipo sabata yamawa ndikupita ku boma ku Salima kukafunsa za chiphaso changa cha unzika chomwe chinatayika, kenako ndidzere kubanki. Anzanga akuti ukawapatsa moni ogwira ntchito uli pamzere amakuthandiza msanga, ena akuti kumeneko n'kudzigulitsa. Zoona n'ziti? Nanga moniwo ndiupereke bwanji?

Mdzukulu wanga, moni sudumphitsa munthu mzere, ndipo usaupereke ndi mtima umenewo. Chomwe moni umakugulira ndi khutu la munthu. Wa pawindo uja amaona nkhope zambirimbiri pa tsiku, ambiri amangomuponyera mapepala ngati akuponya m'dengu. Amene wamulonjera bwino amamuyankha mokwanira: akamuuza kuti pepala lina lasowa, amamuuzanso komwe angalipeze ndi nthawi yoti abwerenso. Kwa iwe wochokera ku Chipoka, mawu owonjezera amenewo ndiwo amapulumutsa ndalama ya minibasi ya ulendo wachiwiri.

Moni woyamba, womwe achinyamata ambiri amauphonya, ndi wa alonda a pakhomo kapena amesenjala amene amakhala pakhonde. Anthu amenewa ndiwo amadziwa kuti mzere uwu ndi wa olembetsa koyamba, uwo ndi wa odzatenga ziphaso zotuluka kale, komanso ngati netiweki ilipo lero kapena yavuta. Imirira, vula chipewa, chotsa zomvera nyimbo m'makutu, unene kuti, "Mwadzuka bwanji bambo?" Dikira ayankhe, nawenso akakufunsa uyankhe. Ukatero ufunse chinthu chimodzi chokha: "Ndataya chiphaso, ndabwera ndi kalata ya kupolisi, ndiime pati?" Akakufunsa kuti kalatayo ili kuti iwe ulibe, wadziwiratu m'mawa momwemo kuti uyambire kupolisi, chifukwa chiphaso chotayika amafuna lipoti la apolisi. Amene analowa osalonjera amaima mpaka dzuwa litafika pamutu, n'kukamva zomwezo pawindo. Akale anati safunsa anadya phula.

Ukafika pamzere, lonjera amene wamupeza kumapeto, umufunse kuti, "Omaliza ndinu?" Ameneyu ndi mboni yako. Ku Salima kumatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo anthu amachoka pamzere kukakhala pamthunzi kapena kukagula madzi. Ukauza wakutsogolo ndi wakumbuyo kuti "Ndikubwera, mundisungire malo," pobwerera palibe mkangano. Amene sanalankhule ndi aliyense akabwerera, mzere wonse umamukana.

Tsopano apa ndi pomwe pamalakwika zambiri. Uli pakati pa mzere, usamuitane wa pawindo kuti umupatse moni, ngakhale maso anu atakumana. Kugwedeza mutu pang'ono n'kokwanira. Moni wofuula kuchokera kumbuyo anthu amaumva ngati kupempha kuti akulowetse pambali, ndipo wogwira ntchito wosamala mbiri yake amayamba kukuumira mtima dala kuti anthu asamunene zokondera. Ngati ndi mnansi wako kapena munaphunzira limodzi, m'pamene uyenera kudzigwira kwambiri. Kumutchula dzina lake la kumudzi pagulu n'kumuika pamoto. Mukalonjerana bwino akaweruka.

Nthawi yako ikakwana, usathamangire pawindo wina asanachoke. Kubanki makamaka, munthu akamawerenga ndalama kapena akamalemba pakompyuta, moni wako umamusokoneza, ndipo akasokonezeka amayambanso kuwerenga. Ndalama ikaperewera madzulo amayankha ndi iyeyo. Dikira adzutse maso kapena anene kuti "Wotsatira." Pamenepo ndiye "Mwadzuka bwanji mayi?" ngati kuli m'mawa, "Mwaswera bwanji?" ngati nkhomaliro yadutsa. Ngati sukudziwa kuti unene uti, "Muli bwanji?" salakwika.

Moni wa muofesi ndi waufupi. Wa kumudzi uja, wofunsa za kunyumba, za ana, za mvula ndi mpunga wa kudimba, usiye kumudzi, chifukwa kumbuyo kwako kuli anthu makumi awiri amene akuwerenga mphindi zako. Funso limodzi, yankho limodzi, kenako nkhani. Ndipo nkhaniyo uikonzeretu uli pamzere kuti ituluke m'mpweya umodzi: "Chiphaso changa chinatayika mwezi watha, kalata ya kupolisi ndi iyi, ndikufuna china." Nkhani ya momwe chikwama chinagwera pa depoti, ndi amene unakwera naye, uinene pokhapokha akakufunsa. Mapepala akhale kale m'manja, otambasula, osati uyambe kusanthula m'jumbo uli pawindo. Pereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwirizira, monga umachitira kwa akulu. Kugwirana chanza si kofunika. Akayamba okha kutambasula dzanja, landira.

Za katchulidwe: wamkulu kwa iwe ndi bambo kapena mayi. Wamsinkhu wako ndi achimwene kapena achemwali, ndipo ngakhale akuoneka wamng'ono, ndi "inu", osati "iwe". "Aise" ndi "bho" ndi za kwa anzako a kabaza. Mawu oti "bwana" ndi abwino ukawanena kamodzi, koma ukamawabwereza pa chiganizo chilichonse uku ukupinda mawondo, munthu amayamba kuganiza kuti mapepala ako ali ndi vuto lomwe ukufuna alilambalale. Kuno kunyanja Asilamu ndi ambiri; ngati nonse ndinu a chipembedzo chimenecho, salamu ndi moni wokwanira. Koma usabwereke moni wa chipembedzo cha eni, kapena kutchula mpingo, pofuna kukopa munthu. Zimaonekera.

Akayankha moni wako mozizira, kapena osayankha n'komwe, usabwereze mokweza ngati ukumuphunzitsa mwambo. Pitiriza nkhani yako ndi mawu ofatsa omwewo. Kumapeto kwa mwezi, aphunzitsi ndi ena a m'boma akalandira, mabanki amadzaza, ndipo wa pawindo amakhala atatopa. Ngati ungathe, pita pakati pa mwezi, m'mawa, nthawi ya nkhomaliro isanayandikire. Akakuuza kuti netiweki palibe, kukwiya sikuibweretsa. Funsa kuti, "Ndidikire kapena ndibwere mawa?" Moni wako uja umabweza apa, chifukwa amakuuza zoona zake m'malo mongoti "dikirani."

Pali malire amene sindifuna uwadutse. Moni suyenda ndi kanthu m'manja. Ukangowonjezera kuti "ya fanta ilipo," si ulemunso, ndi ziphuphu, ndipo lamulo limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Bungwe la ACB lilipo chifukwa cha zimenezo. Ndalama iliyonse yomwe ukulipira ku ofesi ya boma, ulipire pamalo pomwe akulozera olipirira, utenge lisiti, uisunge pamodzi ndi mapepala ako. Chenjeranso ndi anyamata oima panja amene amakulonjera mokoma kwambiri n'kumati amadziwana ndi am'kati. Ayankhe moni wawo, koma mapepala ako asawagwire. Ndipo akalowa agogo, mayi woyembekezera kapena munthu wolumala n'kupatsidwa mpata wotsogola, usang'ung'udze. Uwalonjere, uwapatse njira.

Usanachoke pawindo, bwereza zomwe wamva kuti pasakhale kusamvana: "Ndiye ndikalipire, ndibwere ndi lisiti pawindo lomwe lino?" Funsanso kuti udzabwere liti ndipo udzafikire pati. Kenako "Zikomo kwambiri, mugwire bwino ntchito," n'kupatuka msanga kuti wina afike. Potuluka uwatsanzike alonda aja, uwauze kuti zatheka kapena zatsala pati. Chiphaso sichituluka tsiku lomwelo, udzabweranso kudzachitenga, ndipo tsiku limenelo woyamba kukumana naye pakhomo adzakhala iwowo.