Setifiketi ya msonkho ya MRA: TPIN payokha siyokwanira

"Akuluakulu, ndili ndi kabizinesi kogulitsa nyemba ndi chimanga pa Ntcheu boma. Ndikufuna kulowa tenda ya kukhonsolo koma akuti ndiikemo Tax Clearance Certificate. TPIN ndili nayo kale, si yomweyo? Mlongo wanganso amufunsa pepala lomweli pa nkhani ya viza."

Ayi achimwene, ndi zinthu ziwiri zosiyana. TPIN ndi nambala yosonyeza kuti MRA ikukudziwani, ndipo mumakhala nayo mpaka kalekale ngakhale musanalipirepo tambala. Setifiketi iyi imanena zina: kuti pa tsiku lomwe inatuluka munali mutapereka maritani onse oyenera, omwe ndi mafomu ouza MRA za ndalama ndi msonkho wanu, ndipo mulibe ngongole ya msonkho, kapena munagwirizana ndi MRA za kabwezedwe kake. N'chifukwa chake imakhala ndi tsiku lothera ntchito. Sikutsimikiza kuti muli ndi mpamba kapena kuti nyemba zanu n'zabwino.

Kupempha kwake sikuvuta. Mumalowa pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, ndi TPIN yanu, kapena kupita ku ofesi ya MRA, n'kunena chomwe mukuifunira. Chimachedwetsa anthu ndi zomwe a MRA amapeza akatsegula akaunti yanu, ndipo kawirikawiri si ndalama ayi, koma maritani osaperekedwa.

Tiyerekeze munthu wa ku Tsangano amene analembetsa PAYE, msonkho wodula pa malipiro a antchito, nthawi yomwe anali ndi antchito awiri. Malonda a mbatata ya kachewere atavuta anawaimitsa, bizinesi n'kugona miyezi 8. Iye akuganiza kuti popeza sanalipire aliyense malipiro, palibe chokanena ku MRA. Koma kompyuta imadikira ritani ya PAYE mwezi uliwonse pofika pa 14 mwezi wotsatira, monganso imadikira ya VAT pofika pa 25 kwa amene analembetsa VAT. Ndiye akaunti yake ikuonetsa maritani 8 osowa, mwinanso ndi chindapusa pamwamba, ndipo pempho lake liima pomwepo. Chofunika chinali kupereka ritani ya ziro mwezi ndi mwezi, kapena kulembera MRA kuti amuchotse pa msonkho umenewo. Onaninso ritani ya pachaka, yomwe imafunika pasanathe masiku 180 chaka cha mabuku anu chitatha. Amalonda ang'onoang'ono ambiri amaiiwala imeneyi.

Palinso msonkho umene amakudulani pokulipirani. Tinene kuti munaperekapo nyemba za K5,000,000 kusukulu yogonera konko, iwo n'kudula 3 pa 100 iliyonse, yomwe ndi K150,000. Ndalamayi ndi yanu, imachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka, koma pokhapokha ngati odulawo anaipereka ku MRA pa TPIN yanu. Akalakwitsa nambala, inu mudzaoneka wangongole. Muzitenga pepala lotsimikiza kuti anakudulani nthawi iliyonse, musalekerere.

Za tenda, chifukwa chake n'chakuti khonsolo imalipira ndi ndalama za misonkho, ndipo malamulo ogulira katundu wa boma, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amafuna kuti wopatsidwa ntchito akhale wolongosoka pa msonkho. Komiti younika imayamba ndi mapepala isanayang'ane mitengo. Setifiketi ikasowa kapena ikakhala yotha, tenda yanu ikhoza kugwa pomwepo ngakhale mtengo wanu ndi wotsika kuposa onse. Choncho yerekezani tsiku lothera ndi tsiku lotsekera tenda. Onaninso dzina: ngati tenda mwalemba m'dzina la kampani koma setifiketi ili m'dzina lanu la pa chiphaso, kwa iwo amenewo ndi anthu awiri. Dzina ndi TPIN zifanane pa setifiketi ya msonkho, ya PPDA ndi ya kulembetsa bizinesi. Ndipo musayandikire adobadoba olonjeza kukutulutsirani pepala tsiku lomwelo. Ogula amatha kufunsa ku MRA, ndipo pepala labodza likhoza kukuletsetsani kulowa matenda a boma, kuwonjezera pa mlandu.

Kwa alongo anu, si ofesi ya kazembe iliyonse imene imafuna pepalali. Aone mndandanda wa dziko lomwe akupitalo. Wolembedwa ntchito amaonetsa kalata ya abwana ndi mapepala a malipiro. Wodzilemba yekha alibe zimenezo, ndiye setifiketi ya msonkho imathandiza kusonyeza kuti bizinesi ilipodi, ndalama zili kubankizo zili ndi gwero, ndipo ali n'chobwerera kumudzi kuno. Amaiwerenga pamodzi ndi sitetimenti ya kubanki, kotero nkhani ya mapepala awiriwa igwirizane.

Inuyo lowani pa akaunti yanu lero lomwe muone mitundu ya misonkho yomwe munalembetsa ndi miyezi yomwe ili yopanda ritani. Kukonza zimenezo kumadya masiku, ndipo bokosi la tenda amalitseka pa ola lomwe analemba.