Imelo yopempha banki kuti ikonzenso kabwezedwe ka ngongole

"Abale, ndithandizeni. Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba. Ngongole ya ku banki yatsala K6,000,000, miyezi 12, ndipo ndimabweza K585,000 pamwezi. Pano ndikachotsa zonse, shopu ikundisiyira pafupifupi K480,000 basi, chifukwa kontilakitala amene ankandigula kwambiri ali ndi ndalama zanga. Mwezi watha ndalephera kumaliza. Ndiwalembere bwanji a manijala?"

Achemwali, lembani sabata yomwe ino. Ngongole ikafika masiku 90 isakubwezedwa, banki imaiika m'gulu la ngongole zoipa, ndipo kawirikawiri fayilo yanu imachoka m'manja mwa amene mumadziwana nawo pa nthambi n'kupita kwa otolera ngongole. Kumeneko nkhani imakhala ya chikole. Mbiri ya kabwezedwe kanu imapitanso ku mabungwe osunga mbiri za angongole, amene mabanki ena amawafunsa musanakongole kwina. Inu mwaphonya mwezi umodzi wokha, kotero mudakali ndi pakamwa poyankhulira.

Musanalembe, dziwani kuti a manijala nthawi zambiri savomereza okha pempho lotere. Amalitenga n'kukalifotokoza ku komiti yoona za ngongole, kwa anthu amene shopu yanu sanaionepo. Imelo yanu ikhale yoti iwo angoitumiza m'tsogolo osawonjezapo kanthu. Pa mawu akuti "chonde ndiganizireni, zinthu sizili bwino" komiti ilibe pogwira. Ikufuna nambala imodzi imene mungakwanitse pamwezi, ndi mapepala osonyeza kuti nambalayo siyongoganizira.

Tiwerengere nambalayo. Ndalama mwatchulazi zikugwirizana ndi chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, koma onani pa kalata ya mgwirizano wanu kuti mutsimikize. Mukapempha miyezi 18, muzibweza pafupifupi K418,000, ndipo pa K480,000 ija mutsala ndi K62,000 yokha. Mwezi umodzi wa mvula, omanga ataima, mwaphonyanso, ndipo kupempha kachiwiri kumavuta kuposa koyamba. Mukapempha miyezi 24, muzibweza pafupifupi K335,500 n'kutsala ndi K144,500 yopumira. Ine ndikadapempha imeneyi. Koma mtengo wake muudziwiretu: pa miyezi 12 chiwongoladzanja chonse chikadakhala pafupifupi K1,020,000, pamene pa miyezi 24 chifika pafupifupi K2,050,000. N'chifukwa chake m'pempho mukhale chiganizo chofunsa ngati mungadzalipire ndalama yambiri nthawi imodzi popanda chindapusa kontilakitala uja akabweza.

Ena akuuzani kuti mupemphe tchuthi cha miyezi 3 osalipira kalikonse. Chiwongoladzanja sichipita ku tchuthi. Pa ngongole yanu chimabala K150,000 mwezi woyamba, ndipo akamachiphatikiza ku ngongole, miyezi itatuyo ikamatha mudzakhala ndi ngongole ya pafupifupi K6,460,000. Ngati mukufunadi kupumako, pemphani kuti kwa miyezi 3 muzilipira chiwongoladzanja chokha, K150,000 ija, ngongole iime pomwe ili.

Imeloyo ichokere pa adiresi imene banki ili nayo m'mabuku ake. Pa To ikani a manijala wa nthambi, pa Cc ikani ofesala amene anayendetsa ngongole yanu. Mafayilo a banki amakhala m'Chingerezi, ndiye mudzailembe m'Chingerezi, koma ndondomeko yake ikhale iyi:

Mutu: Pempho lokonzanso kabwezedwe ka ngongole, dzina la bizinesi, nambala ya akaunti ya ngongole

Okondeka Bwana Manijala,

Ndikupempha kuti nthawi yobweza ngongole yanga italikitsidwe kuchoka pa miyezi 12 yotsala kufika pa miyezi 24, kuti zobweza za pamwezi zitsike kuchoka pa K585,000 kufika pafupifupi K335,500.

Mmene ngongole ilili:
1. Ndalama imene ndinatenga ndi tsiku limene ndinatenga
2. Yotsala lero: K6,000,000
3. Yophonya ya mwezi watha: K185,000, imene ndilipira pofika tsiku lakutilakuti
4. Chikole: galimoto, nambala yakutiyakuti, inshuwalansi yake ikutha mwezi wakutiwakuti

Chifukwa: Kasitomala wanga wamkulu sanalipire katundu wa K2,100,000 amene anatenga miyezi 4 yapitayo. Kuyambira pamenepo, ndalama yotsala pamwezi ndikachotsa katundu, lendi ndi malipiro yatsika kuchoka pa K750,000 kufika pa K480,000.

Zimene ndachita: Ndasiya kupereka katundu pa ngongole, ndipo kasitomalayo wasainira kalata yovomera ngongole yake.

Mapepala amene ndaphatikiza: sitetimenti ya miyezi 6, buku la malonda la miyezi yomweyo, ma invoisi osalipidwa, kalata ya kasitomala, ndi chiyerekezo cha ndalama zolowa ndi zotuluka cha miyezi 12 ikubwerayi.

Ndikupemphanso mundidziwitse ndalama zonse zolipira pa kusinthaku, ngati chiwongoladzanja chisinthe, komanso ngati ndingathe kumaliza ngongole nthawi isanakwane popanda chindapusa. Ndine wokonzeka kubwera ku ofesi kwanu tsiku limene mungasankhe.

Ine wanu,
Dzina lonse, dzina la bizinesi, nambala ya foni

Manambala a K185,000, K2,100,000 ndi K750,000 ndangoikapo ngati chitsanzo, inu muikepo enieni. Onani kuti pempho lili m'chiganizo choyamba, ndipo ndalama yophonya mwaitchula nokha. Iwo akuiona kale pa kompyuta, kuibisa kumangochititsa kuti akayikire zina zonse. Gawo la chifukwa lisapitirire ziganizo zitatu. Za kukwera kwa mitengo ndi kusowa kwa ndalama zakunja a banki amazimva tsiku lililonse, sizisiyanitsa fayilo yanu ndi ya wina aliyense.

Pamene ambiri amagwa m'pa sitetimenti. Tiyerekeze kuti mwalemba kuti shopu imagulitsa za mamiliyoni atatu pamwezi, koma ku akaunti kukuoneka K900,000 yokha, chifukwa zina zimalowa pa Airtel Money ndi Mpamba, zina mumakapikulira simenti zili m'manja osadutsa ku banki. Woona fayilo amaganiza chimodzi mwa ziwiri: mwina mwakokomeza malonda, kapena ndalama mukuzithawitsa kuti banki isadule. Ndiye phatikizani masitetimenti a pa foni, ndipo m'imelo onjezani chiganizo chimodzi chofotokoza kuti malonda amalowera m'njira zingati. Kuyambira lero, ndalama za malonda zizidutsa kaye ku akaunti.

Mapepala onse akhale PDF, lililonse ndi dzina lake lomveka, osati zithunzi makumi awiri za pa foni zojambulidwa mopendekera pa kauntala ndi chala chikuoneka m'mbali. Mukatumiza, sindikizani imeloyo, mukaisiye ku nthambi, ndipo kope yanu aidinde chidindo cha tsiku limene alandira. Pakatha masiku 5 a ntchito muli chete, imbani, kenako yankhani pa imelo yomweyo kuti zonse zikhale pa mzere umodzi.

Podikira musasiye kulipira. Imelo sisintha mgwirizano, ngakhalenso mawu apakamwa a ofesala akuti "musadandaule mayi, zitheka". Makina a banki apitiriza kudula K585,000 pa tsiku lake ndi kuwerengera chindapusa pa yophonya, kufikira mutasainira kalata yatsopano. Ngati simungakwanitse yonse, ikani yosachepera K335,500 imene mukupemphayo pa tsiku lenileni, komiti ione kuti nambala yanu mukuikwanitsa kale.

Kalata yatsopano ikabwera, musasainire pa kauntala. Pitani nayo kunyumba, muone ngati yophonya ija aiphatikiza ku ngongole, ngati akufuna chikole chowonjezera, ndi ngati inshuwalansi ya ngongole ndi ya galimoto zikufika kumapeto kwa miyezi 24. Ngati pali munthu amene anakusainirani kuti adzabweza inu mukalephera, muuzeni musanatumize imelo, chifukwa banki idzafuna kuti nayenso asainire nthawi yatsopanoyo.